Woyamba anabadwa pa opaleshoni, pano akuti ndiyesere kubereka ndekha

NaPhiri25
Amayi ndi abambo a pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi pathupi pa masabata 33. Mwana wanga woyamba anabadwa pa opaleshoni chifukwa anatsogoza matako, ndipo anandipanga matenda asanayambe n'komwe. Pano ali ndi zaka ziwiri ndi miyezi inayi. Dzulo kusikelo adokotala anayang'ana m'buku langa, anandipima pamimba, n'kunena kuti "mimba iyi tidzayesa chipsera, mutha kubereka nokha." Sizinathe mphindi zitatu chifukwa panja mzere unali wautali. Nditafika kunyumba apongozi akondwa, akuti tsopano ndilawako zimene amayi anzanga amamva. Mayi anga akukana kwamtuwagalu, akuti mwana wa mnzawo wa kumvano anaphulika chiberekero poyesa zomwezi. Usiku sindinaone tulo. Kodi kuyesa chipserako n'kutani kwenikweni? Chiberekero chingaphulikedi? Alipo amene anadutsamo?

MakeMapasa
Ine ndinadutsamo achemwali. Woyamba opaleshoni, wachiwiri ndekha, maola asanu ndi anayi basi. Mawa lake ndinachapa ndekha matewera. Musaope.

Bambo_Zomba
Ife tinamva kuti ukangolowa kumpeni kamodzi ndiye kuti ndi mpeni mpaka kalekale. Mayi akunyumba ana atatu onse anabereka pa opaleshoni, palibe anatifunsapo zoyesa. Madokotala a masiku ano akufuna kupulumutsa ulusi kapena?

MzambaWakale
A Bambo_Zomba, mawu amenewo ali ndi mwini wake. Anawanena dokotala wina wa ku New York, Edwin Cragin, mu 1916. Nthawi imeneyo chiberekero ankachicheka choimirira, kumtunda kwake kumene kuli mnofu wokhuthala umene umagwira ntchito yokankha mwana. Chipsera cha pamenepo chimakokedwa nthawi iliyonse mimba ikawawa, ndiye chinkang'ambikadi kawirikawiri. Masiku ano pafupifupi opaleshoni iliyonse amacheka chopingasa m'munsi mwa chiberekero, pamene ndi popyapyala ndipo pamapola bwino. Nkhani inasintha chifukwa kachekedwe kanasintha.

A NaPhiri, ndagwira ntchito m'chipinda chochirira zaka zambiri, ndipo chimene chandiwawa pa nkhani yanu ndi mphindi zitatuzo. Yankho la adokotala likhoza kukhala lolondola, koma munayenera kumva chifukwa chake. Mayi wa chipsera akakhala patsogolo panga, choyamba ndimafuna kudziwa chimene chinachititsa opaleshoni yoyamba. Inu mwana anatsogoza matako. Limenelo linali vuto la mimba ija, osati la thupi lanu. Ngati uyu watsogoza mutu, vutolo kulibe. Zimasiyana ndi mayi amene njira inatseguka yonse, anakankha maola awiri, mwana wa makilogalamu atatu osatsika. Ameneyo chiuno chake ndi chomwe chija, ndipo mwayi woti zibwerezenso ndi waukulu ndithu, ngakhale kuti ena amakwanitsabe.

Chachiwiri ndi nthawi. Pofika tsiku lanu padzakhala patapita zaka ziwiri ndi theka. Imene timadandaula nayo ndi mimba imene mwana akubadwa pasanathe chaka ndi theka chichitikireni opaleshoni, chifukwa chipsera chimakhala chisanakhwime. Pamenepa muli bwino.

Koma chimene chimalemera kuposa zonsezi ndi malo. Kuyesa chipsera sikutanthauza kuti pitani mukabereke ngati wina aliyense. Kumatanthauza kuti mudzamva matenda muli pa chipatala chimene chili ndi fiyeta yogwira ntchito usana ndi usiku, wogonetsa alipo, magazi alipo, diripi ili kale pamkono, ndipo mzamba akumvera mtima wa mwana pafupipafupi. Zikangosonyeza kupotoka, mumalowa kufiyeta osadikira. Pa chipatala chaching'ono cha kumudzi sitiyesa chipsera. Kunyumba ndiye ayi ndithu.

Tiya_wa_ku_Leeds
Ine wachiwiri ndinabereka kuno ku Mangalande nditapangidwa opaleshoni yoyamba kumudzi. Kuno amakukhazika pansi mphindi makumi atatu, amakupatsa ndi kapepala kochokera ku bungwe la madokotala a amayi lotchedwa RCOG. Manambala ndimawakumbukirabe chifukwa ndinawawerenga mpaka kapepalako kanathetheka. Mwa amayi 200 a chipsera chimodzi oyesa kubereka okha, mmodzi chiberekero chimang'ambika. Mwa amayi anayi oyesa, atatu amabereka okha bwinobwino. Ngati unaberekapo kale wekha, mwayi umakwera kufika 85 kapena 90 pa 100. Ndiye achemwali, mmodzi pa 200 si chinthu choti musagonere tulo.

Kilinikala_Mpoto
Manambala amenewo ndi oona a Tiya, koma ali ndi kwawo. Anawerengedwa m'zipatala zimene mayi amamangidwa lamba wa makina pamimba kuyambira matenda akayamba mpaka mwana atabadwa, makinawo akulemba kugunda kwa mtima wa mwana osapuma. Chikang'ambika, mwana amatulutsidwa m'mphindi zowerengeka. Kuno mzamba mmodzi usiku akhoza kukhala ndi amayi asanu ndi atatu ndi kachipangizo kamodzi komverera. Mwayi woti ching'ambike mwina ndi wofanana, mnofu ndi mnofu. Chimene chimasiyana ndi chimene chimachitika chikang'ambika. Ndikamalangiza mayi sindimuuza nambala yokha, ndimamuuzanso kuti usiku pa chipatala chathu pamakhala anthu angati.

Tiya_wa_ku_Leeds
Pamenepo ndavomera. Lamba uja anandimanga maola 11, ndinatopa naye koma ndinkadziwa ntchito yake.

Bambo_Zomba
Ndiye ngati nkhani ndi kachekedwe, ingoyang'anani pamimba. Mayi akunyumba chipsera chawo n'choimirira kuchokera pamchombo kutsika. Ndiye chifukwa chake sanawayese eti? A NaPhiri chanu chagona kapena chaimirira?

Kilinikala_Mpoto
Ayi bambo, pamenepo ndi pamene anthu ambiri amasochera. Chipsera cha pakhungu ndi china, cha pachiberekero ndi china. Kuno timacheka khungu choimirira kawirikawiri, makamaka pa zadzidzidzi, chifukwa umalowa msanga, koma ukafika pachiberekero umacheka chopingasa m'munsi monga mwa nthawi zonse. Zimathekanso khungu kukhala lopingasa bwinobwino koma m'kati anacheka choimirira, mwachitsanzo mwana akakhala wosakwana masiku kwambiri, kapena wagona chopingasa, kapena m'munsimo muli zotupa. Nthawi zina umayamba chopingasa, mwana n'kukanirira, n'kuonjezera kucheka chokweza m'mwamba. Chipsera choimirira cha kumtunda chimang'ambika mwa amayi pakati pa 4 ndi 9 pa 100, ndipo chikhoza kung'ambika matenda asanayambe. Amenewo sitiwayesa. Chimene chimanena zoona ndi zimene analemba wopanga opaleshoniyo. A NaPhiri, tsegulani buku lanu lakale, muone ngati penapake palembedwa LSCS. Zilembo zimenezo zimatanthauza kuti anacheka m'munsi. Ngati buku linatayika, pitani pa chipatala chimene anakupangirani, kaundula wa kufiyeta amakhalapo.

NaPhiri25
Ndapeza, palembedwa LSCS, kenako mawu ena osawerengeka. Chapakhungu n'chogona.

Nachisale_M
Ndakhala ndikuwerenga kuyambira m'mawa, ndimati ndisalembe, koma mtima wakana. Ine ndine mmodzi uja wa pa 200.

Woyamba ndinapangidwa opaleshoni nditavutika tsiku lonse ndi usiku, mwana osatsika. Balalo linachita mafinya, ndinagona m'chipatala masabata atatu. Mwana ali ndi miyezi isanu ndinapezeka ndi pathupi pena, ndiye wachiwiriyu amabadwa patangopita miyezi 14. Kusikelo anandiuza kuti mwezi wachisanu ndi chinayi ukayamba ndikakhale kuchidikiro ku chipatala cha boma cha paboma. Sanandiuze chifukwa chake, anangolemba ndi cholembera chofiira pachikuto cha buku. Ine m'mutu mwanga ndinamva kuti akufuna akandichekenso, ndipo ndikakumbukira mafinya aja thupi linkachita tsemwe. Ndinapangana ndi azakhali anga kuti ndidzapirire kunyumba mpaka mwana atatsala pang'ono, kuti ndikafika asakhale ndi mpata wondicheka. Amayi ambiri amachita zimenezi, sanena chabe.

Matenda anayamba cha m'ma 8 koloko usiku. Cha m'ma 11 azakhali anandipatsa phala lothira mwanamphepo kuti zifulumire. Zinafulumiradi. Mimba inkawawa mosalekeza, isanathe iyi yabwera ina. Cha m'ma 4 m'bandakucha tinapita pa njinga yamoto ku chipatala chaching'ono cha pafupi. Anamwino anandipima, akuti njira yatseguka masentimita 6, anakalipa ataona buku, anaimbira ambulansi. Tili kudikira ndinamva kuwawa kwina, osati kwa matenda. Kunali m'munsi pachipsera, kwakuthwa ngati akukung'amba nsalu m'kati, ndipo sikunkasiya pakati pa zowawa zija. Kenako mwadzidzidzi zonse zinangoti zii. Mimba inasiya kuwawa. Ndinauza azakhali kuti ndapezako bwino, ndigone pang'ono. Iwo anathokoza Mulungu.

Patapita kanthawi ndinayamba ludzu loopsa, thukuta lozizira, chizungulire, ndi kuwawa paphewa. Ndinkadabwa kuti phewa likukhudzana bwanji ndi kubereka. Magazi kumusi anali ochepa, osadzaza ndi kansalu komwe. Anamwino atabweranso anafunafuna mtima wa mwana osaupeza. Atandipimanso anati mutu umene anaukhudza poyamba wabwerera m'mwamba. Ambulansi inafika patatha maola awiri. Ndinadzuka madzulo ake ndili ndi magazi a munthu wina pamkono, mapaketi atatu anandiika. Mwana anali wamwamuna, anamupeza ali kunja kwa chiberekero, m'mimba, atamwalira kale. Chiberekero anachotsa. Ndinali ndi zaka 24.

Sindikulemba kuti ndikuopsezeni a NaPhiri. Nkhani yanu si yanga. Koma akanandikhazika pansi n'kundiuza kuti kuchidikiro sikutanthauza mpeni, komanso kuti chimene akuopa n'chiyani, ndikanapita.

MakeMapasa
Mayo ine. Pepani asisi, pepani kwambiri. Ndachita manyazi ndi kuyankha kwanga kwa m'mawa kuja.

NaPhiri25
A Nachisale, misozi ili m'maso. Zikomo polimba mtima.

MzambaWakale
Mwana wanga Nachisale, pepa. Ndipo usadzisenzetse wekha mlanduwu. Cholembera chofiira si uphungu. Ife amene timalemba pachikuto osafotokoza tili ndi gawo lathu.

Ndikupempha nonse muwerengenso zimene walembazi, chifukwa wafotokoza bwino kuposa mmene timaphunzitsira ana asukulu. Kuwawa kwa matenda kumabwera n'kupita, pakati pake mayi amapuma, amatha kulankhula. Kuwawa kwa pachipsera kumene sikukuchoka pakati pa zowawa ndi belu loyamba limene mayi mwini angalimve. Kusiya kuwawa mwadzidzidzi mwana asanabadwe si mpumulo. Chiberekero chong'ambika sichithanso kufinya, ndiye chimangokhala chete. Magazi ochepa kumusi amanamiza, chifukwa ambiri akutayikira m'kati mwa mimba, ndipo akafika kumtunda pansi pa nthiti amakhudza mtsempha umene umamveketsa kuwawa paphewa. Ludzu, thukuta lozizira ndi mtima kuthamanga ndi thupi likunena kuti magazi akutha. Mutu kubwerera m'mwamba ndiye kuti mwana watuluka pa bowolo. Ukagwira pamimba pamenepo umakhudza timiyendo ndi timanja ngati tili pansi pa khungu penipeni. Nthawi zina mkodzo umatuluka wamagazi chifukwa chikhodzodzo chagundana ndi chipsera chomwecho.

Koma zonsezi zimabwera mochedwa. Chimene chimayamba nthawi zambiri ndi mtima wa mwana. Umayenera kugunda pakati pa 110 ndi 160 pa mphindi. Chipsera chikayamba kulekana, mtimawo umatsika n'kumachedwa kubwerera, kapena umatsika osabwereranso, mayi asanamve chachilendo chilichonse. N'chifukwa chake mayi wa chipsera timafuna kumumvera mphindi 15 zilizonse matenda akakhwima, ndipo akayamba kukankha, pakutha pa kuwawa kulikonse. Kunyumba palibe amene angamve belu limeneli.

Gogo_NyaGondwe
Ine ndabereka ana asanu ndi atatu, mwanamphepo ndinamwa pa onse, palibe chinaphulika. Tisamanyoze mankhwala a makolo chifukwa cha ngozi imodzi. Kuchipatala komweko amaika diripi yofulumizitsa, imeneyo siphulitsa?

Kilinikala_Mpoto
Agogo, funso lanu lachiwirilo ndi labwino, ndipo yankho ndi lakuti inde, imaphulitsa. Diripi ya okisitosini pa mayi wa chipsera imakweza chiopsezo. Kuyambitsa matenda ndi mankhwala kumachulukitsa kung'ambika kawiri kapena katatu poyerekeza ndi matenda oyamba okha. Timapiritsi ta misopulositolo, timene timayambitsira matenda amayi ena, kwa mayi wa chipsera wa mimba yakwana masiku n'toletsedwa. Kumene ndimagwira ntchito, mayi wa chipsera matenda akaima sitithira moto ndi diripi, timapita kufiyeta. Kusiyana kwa diripi ndi mwanamphepo n'kwakuti diripi ndimawerenga madontho, ndipo ndikaona kuti mimba yafinya koposa kasanu pa mphindi khumi ndimatseka. Zimene zalowa m'phala sindingazitseke, ndipo palibe akudziwa kuti zinali zochuluka bwanji. Inu munalibe chipsera, ndipo Mulungu anakusungani. Komatu ngakhale opanda chipsera timawaona. Ambiri amene ndawatsegula ataphulika chiberekero chopanda chipsera ndi amayi obereka kambiri, chiberekero chatopa, mwana wakanirira, afika mochedwa. Amenewo chisanaphulike mimba imaoneka ngati yamangidwa lamba pakati, kumtunda kwauma gwa, m'munsi mwapyapyala.

Gogo_NyaGondwe
Chabwino, za chipsera sinditsutsa. Koma musamatikalipire tikafika, n'chifukwa chake anthu amabisa zimene amwa.

MzambaWakale
Apa agogo mwalasa. Mayi akabisa, ife timaona mimba ikufinya mopitirira osadziwa chifukwa.

Dalitso_BT
Ine sindikumvetsa chifukwa chimene tikuzungulirazungulira. Ngati pali ngozi yotere, bwanji osangopanga opaleshoni tsiku lokonzeka basi? Mlongo wanga anachita choncho ku chipatala cholipira, analowa 8 koloko, 9 koloko mwana ali m'manja. Moyo wa mwana suyesedwa ngati nsapato.

Tiya_wa_ku_Leeds
A Dalitso, opaleshoni si kumeta tsitsi.

Kilinikala_Mpoto
Kwa mwana amene ali m'mimbayu, opaleshoni yokonzekera pa masabata 39 ndi yotetezeka pang'ono kuposa kuyesa, zimenezo sindikana. Chiberekero chimene sichinamve matenda sichiphulika kawirikawiri. Koma mtengo wake amalipira ndi mayi, ndi ana amene akubwera m'mbuyo. Kafukufuku wamkulu amene anachitika m'zipatala za m'maiko 22 a mu Africa, amene anatuluka mu 2019, anapeza kuti amayi pafupifupi asanu mwa 1,000 opangidwa opaleshoni yobereketsa amamwalira, kuchulukitsa ka 50 poyerekeza ndi maiko olemera. Ambiri mwa amenewo anali a zadzidzidzi ofika atatheratu, ndiye nambalayo si ya mayi wathanzi wokonzekera. Komabe ikutiuza kuti kuno mpeni si chinthu chopepuka: kutaya magazi, mankhwala ogonetsa, mabala ochita mafinya ngati a Nachisale.

Chimene chimandiopsa ine kwambiri ndi mimba yachitatu ndi yachinayi. Chipsera chilichonse chimaonjezera mwayi woti nsengwa idzamere m'munsi, kutseka njira, n'kumera mizu kulowa m'chipseramo. Ikatero sichoka mwana akabadwa, ndipo magazi amatuluka ngati mpopi. Mayi amene nsengwa yakhala m'munsi ndipo ali ndi chipsera chimodzi, mwayi woti yakanirira ndi pafupifupi 11 pa 100. Ali ndi ziwiri, 40 pa 100. Ali ndi zitatu, kupitirira 60. Zimenezo pa chipatala cha paboma chokhala ndi mapaketi awiri a magazi mufiriji ndi nkhondo imene nthawi zina timagonja. Ndiye funso limene ndimafunsa mayi aliyense ndi lakuti mukufuna ana angati. Amene akuti uyu ndi womaliza, ndidzatseketsa, opaleshoni yokonzekera ndi yomveka. Amene ali ndi zaka 26 ndipo akufuna anayi, kubereka yekha panopa kukumutsegulira njira ya mimba zotsatirazo. A NaPhiri akapangidwa yachiwiri, kuno yachitatu sadzafunsidwanso, zipsera ziwiri timapanga opaleshoni basi.

Dalitso_BT
Ndamva, koma mukanakhala inu, mkazi wanu, mukanatani?

Kilinikala_Mpoto
Wa nkhani ngati ya a NaPhiri, ndikanati tiyese, pa chipatala chimene ndikudziwa kuti fiyeta imatseguka usiku. Wa nkhani ngati ya a Nachisale, miyezi 14, bala lochita mafinya, mwana woyamba anakanirira, ndikanapangira tsiku. Koma thupi ndi lake, akanati ayi ndikuopa, sindikanamukakamiza mbali iliyonse.

Dalitso_BT
Ine ndiye ayi ndithu. Mmodzi pa 200 akakhala wako ndi 200 pa 200.

Mai_Joni
Kuno ku Joni mnzanga ali ndi zipsera ziwiri ndipo dokotala wake akuti akhoza kuyesa. Ndiye zoti ziwiri basi mpeni si lamulo la dziko lonse.

Tiya_wa_ku_Leeds
Kunonso amalola, koma ukaonane kaye ndi dokotala wamkulu.

MzambaWakale
Kumene kuli makina ndi anthu okwanira amalola ena osankhidwa bwino. Kwathu kuno ine sindingamuuze mayi wa ziwiri kuti ayese, ndipo ndikamuona wafika njira ili 8 ndimatuluka thukuta ngakhale atabereka bwino.

AChimwene_Kabaza
Pepani kulowerera nkhani ya amayi. Ine ndimayendetsa njinga yamoto, ndipo amayi a matenda ndawanyamula usiku kosawerengeka. Dandaulo langa ndi kuchidikiroko. Mumati mayi akakhale mwezi wathunthu, koma ufa, nkhuni, ndiwo ndi zake, womudikirira naye adye, kunyumba ana atsala okha, nthawi ya dzinja munda ukudikira. Mlamu wanga anapita, anakhala masabata awiri, ufa utatha anabwerera. Osamangoti anthu ndi osamva.

MakeMapasa
Zoona. Ine ndinagulitsa mbuzi. Ndipo malo ogona anali odzaza, ena tinkagona pakhonde.

Gogo_NyaGondwe
Kale azamba a m'mudzi ankathandiza pamenepa, boma linawaletsa mu 2007. Pano mtunda ndi womwe uja.

MzambaWakale
Za ufa ndi zoona ndipo ndilibe yankho lokoma. Chimene ndimauza mabanja n'chakuti mayi wa chipsera ayambe kusunga thumba la kuchidikiro mimba ili miyezi inayi, ndipo ngati pali wachibale wokhala pafupi ndi chipatala chachikulu, kukhala kumeneko n'chimodzimodzi bola usiku pali chokwera. Koma agogo, mayi wa chipsera ngakhale kale lomwe mzamba wanzeru ankamutumiza. Tibwerere kwa mwini nkhani.

NaPhiri25
Mnzanga wina akuti ndikajambulitse sikani yoyeza kukhuthala kwa chipsera, akuti ikapezeka yopyapyala ndiye osayesa. Ndi zoona? Akuti ndi yolipira.

Kilinikala_Mpoto
Ilipo, ndipo n'zoona kuti chipsera chopyapyala kwambiri chili ndi chiopsezo chokulirapo. Vuto n'lakuti akatswiri sanagwirizane malire enieni, ndipo anthu awiri oyeza mayi mmodzi amatha kupeza manambala osiyana. Ine sindingasinthe ganizo chifukwa cha iyo yokha. Sikani imene ndingakulimbikitseni ndi yoona zinthu zitatu: mwana watsogoza mutu kodi, nsengwa ili kutali ndi chipsera kodi, ndipo mwana akuoneka wamkulu bwanji. Akamayandikira makilogalamu anayi mwayi wobereka nokha umatsika. Muyezetsenso kuchuluka kwa magazi panopa, nthawi yokweza ndi mapiritsi a ayironi ikadalipo.

Mai_Joni
Dokotala wa mnzanga uja amayeza ndipo amaikhulupirira. Ndiye madokotala nokhanokha simugwirizana.

Kilinikala_Mpoto
Pa ichi sitigwirizanadi.

MakeMapasa
Ine pondipanga... ayi, ndi mng'ono wanga, pomupanga yachiwiri anamuuza kuti chipsera chinali chitatseguka kale koma iye sanamve kanthu, mwana ali bwino. Ndiye kuphulika komweko?

Kilinikala_Mpoto
N'zapachibale koma si chimodzi. Nthawi zina mnofu wa pachipsera umalekana koma kachikopa kopyapyala kakunja kakadagwira. Ukatsegula umaona tsitsi la mwana likuonekera ngati pa windo. Magazi satayika, mwana savutika, timasoka n'kutseka. Kuphulika kwenikweni ndi pamene zonse zabooka. Apo timatulutsa mwana, n'kuona ngati bala likusokeka. Lowongoka, la pachipsera pokha, mayi wafika msanga, timasoka, ndipo mimba yotsatira amapangidwa opaleshoni matenda asanayambe, kapena timakambirana zotseka. Likatsikira ku khomo la chiberekero kapena m'mbali mmene muli mitsempha ikuluikulu, kapena mnofu wafa chifukwa cha kuchedwa, timachotsa chiberekero kuti mayi akhale moyo. Maola awiri a ambulansi aja ndi amene nthawi zambiri amasiyanitsa kusoka ndi kuchotsa.

Nachisale_M
Anandiuzadi kuti linatsikira m'mbali. Lero ndi pamene ndamvetsa tanthauzo lake, patatha zaka zisanu ndi chimodzi.

NaPhiri25
Ndabwerako kusikelo lero, ndinapita ndi bambo a mwana ndi mafunso olemba pakapepala. Ndinapeza dokotala wina, wamkazi, ndipo nditatulutsa kapepalako anaseka n'kukoka mpando. Mwana watsogoza mutu, nsengwa ili kumtunda chakumbuyo, magazi ali 10.4 ndiye andionjezera mapiritsi. Tagwirizana kuti ndidzayesa. Ndikangomva matenda kapena madzi akatayika ndipite pomwepo, osadikira kuti zikhwime. Akuti sadzandiika mankhwala oyambitsa. Ndinafunsa kuti nanga masiku akapitirira? Akuti tikafika masabata 41 matenda osayamba tidzakhalanso pansi, ndipo iwo amakondera opaleshoni pamenepo. Ndinafunsanso kuti njira ikamachedwa kutseguka adzadikira mpaka liti, akuti adzandipima maola anayi aliwonse kapena kucheperapo, ndipo akapeza kuti sizikusuntha sadzakakamira. Funso loti usiku pachipatalapo pamakhala ndani anayankha moona, akuti wogonetsa amagonera kunyumba kwake pafupi ndi chipatala, amachita kumutenga pa galimoto. Pamenepo mtima wanga sunakhazikike kwenikweni.

MzambaWakale
Wayankha moona, ameneyo musungeni. Mufunsenso kuti kuyambira kumuitana mpaka kucheka zimatenga mphindi zingati. Cholinga chimakhala kusapitirira 30, ndipo pa kuphulika ngakhale 30 ndi zambiri kwa mwana. Ngati akuti ola, ndipo muli ndi njira yofikira chipatala chachikulu chimene ogonetsa amagona konko, ganizirani zimenezo. Mukafika tsikulo musadikire kuti awerenge buku, nenani pakhomo pomwe kuti ndili ndi chipsera. Ndipo wokudikirirani akhale munthu amene akudziwa zizindikiro zija, wosaopa kugogoda pa chitseko cha anamwino kachiwiri ndi kachitatu.

NaPhiri25
Apo ndiye pali nkhani ina. Apongozi anena kale kuti odikirira ndi iwo, ndipo ndi omwe aja okhulupirira za phala. Mayi anga ali kutali, ndipo akadali kukana zoyesazo.

Gogo_NyaGondwe
Apongozi musawakane, mudzayambitsa mlandu wa zaka. Apite nanu kusikelo ulendo wotsatira, akamve okha kwa adokotala aakaziwo. Ife akuluakulu mawu a mpongozi timawapeputsa, koma a dokotala timawasunga. Ndipo phala mukaphike nokha.

Dalitso_BT
Ine maganizo anga sanasinthe, koma ndikufunirani zabwino mlongo. Amuna anu akayezetse gulu la magazi awo, ndi abale awiri, zisadzachite kufunidwa usiku.

Nachisale_M
A NaPhiri, ngati apongozi angalole, awerengereni zimene ndinalemba zija. Muwauze kuti azakhali anga ankandikonda, ndipo mpaka lero sakhululuka okha.

NaPhiri25
Ndidzawawerengera Lamlungu tikachoka kutchalitchi. Sikelo yotsatira ndi Lachinayi la sabata ya mawa, ndawauza kale kuti tipitira limodzi ndipo avomera. Za mphindi zija ndikafunsa komweko.